Intavyu yojambula pa vidiyo: kuyankha wotchi ikuyenda, wofunsa palibe

Funso: Ndinafunsira ntchito yoyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, ndipo andilembera imelo kuti ndichite intavyu ya pa vidiyo pasanathe masiku asanu. Akuti sipadzakhala munthu wondifunsa. Mafunso asanu adzaoneka pa sikirini limodzi ndi limodzi, ndipo pa funso lililonse ndidzakhala ndi masekondi 30 oganiza ndi mphindi 2 zoyankha. Ndikayesa kudzijambula ndekha, mwina ndimasowa chonena, mwina nthawi imandithera ndisanafike pa mfundo. Ndikonzekere bwanji?

Yankho: Pa mavuto awiri amene mwatchulawo, lachiwirilo ndi limene ndaliona likugwetsa anthu ambiri, ndipo mukalithetsa, loyambalo limachepa lokha. Pa ntchito yanga yosankha anthu ofunsira ntchito ndaonera mavidiyo ambiri otere, ndipo amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi a munthu wodziwa bwino ntchito yake, amene wayamba nkhani yabwino, koma vidiyo yaduka mawu ali m'kamwa, iye akungofika kumene pa zimene anachita.

Chifukwa chake n'chakuti pa intavyu ya maso ndi maso wofunsa amakuthandizani m'njira zimene simuziona. Mukayamba kuzungulira amakudulani mwaulemu n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo munachitapo chiyani?" Mukanena chinthu chabwino amagwedeza mutu, ndipo mumadziwa kuti mupitirize komweko. Mukamaliza amanena kuti zikomo, ndiye simuvutika kufunafuna pothera. Pa intavyu yojambulayi ntchito zonse zitatuzi zagwera inu, pamene wotchi ikutsika pakona ya sikirini, ndipo ikafika pa ziro pulogalamuyo imasiya kujambula popanda kuyang'ana kuti mwafika pati. Vuto limakula chifukwa cha mmene tonsefe tinazolowera kufotokozera nkhani: timayambira kutali, kunena malo, nthawi ndi anthu amene analipo, kenako n'kubweretsa zotsatira kumapeto. Choncho nthawi ikatha, gawo limene limadulidwa ndi lomwe lili ndi malikisi ambiri. Woonera vidiyoyo nthawi zambiri amakhala ndi pepala la mfundo zimene akufuna kumva pa funso lililonse, amaonera mayankho a anthu ambiri motsatizana, ndipo sangakupatseni malikisi pa chinthu chimene munatsala pang'ono kunena.

Motero kukonzekera kwenikweni ndi kudula nkhani zanu kuti zikwane mu nthawi imene mwapatsidwa, ndiponso kuzitembenuza kuti mfundo ikhale patsogolo.

Tiyambe ndi kukula kwa mphindi 2. Munthu amene akulankhula Chingerezi modekha amatchula mawu pafupifupi 130 mpaka 150 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti mphindi 2 zimanyamula mawu osapitirira 300. Komabe musakonzekere kudzaza nthawi yonseyo. Konzani yankho lotha pakati pa masekondi 90 ndi 105, amene ndi mawu pafupifupi 200 mpaka 250, chifukwa tsiku la intavyu mudzapunthwa penapake, mudzapuma penapake, ndipo masekondi 15 kapena 30 otsalawo ndiwo adzakupulumutseni. Ngati mudzayankha m'chilankhulo china musadalire chiwerengero cha mawuchi, popeza mawu a zilankhulo amasiyana kutalika kwake. Dalirani wotchi basi. Palibe amene amachotsa malikisi chifukwa munthu wamaliza pa masekondi 95 atayankha funso lonse, koma yankho la masekondi 25 pa funso lopatsidwa mphindi 2 limaoneka loperewera, chifukwa mphindi ziwirizo ndi njira imene olemba ntchito akukuuzirani kuti akuyembekezera chitsanzo chofotokozedwa bwino.

Tiyeni titenge funso limodzi limene limabwera kawirikawiri pa ntchito ngati imene mwafunsirayi, tione mmene masekondiwo amagawidwira. Tinene kuti pa sikirini paoneka mawu akuti: "Fotokozani nthawi ina imene munapeza cholakwika pa ntchito, ndi zimene munachita." Tinenenso kuti nkhani yanu ndi ya makatoni 12 amene anali m'kaundula koma pa shelefu panalibe. Munthu wosakonzeka amayamba ndi kunena kumene ankagwira ntchito, zaka zimene anakhalako, kukula kwa nyumba yosungiramo katunduyo, kuchuluka kwa ntchito kumapeto a mwezi, ndi khalidwe la bwana wake. Pofika pa makatoni aja wotchi imakhala itadya masekondi 70, ndipo akaiona amachita phuma, n'kuyamba kuthamanga, mpaka vidiyo imaduka iye akunena kuti, "ndiye titayang'ana mapepala aja tinapeza kuti..." Zimene anapezazo woonera sadzazidziwa.

Nkhani yomweyo, yokonzedwa, imayamba ndi chiganizo chimodzi chonyamula yankho lonse, cha masekondi pafupifupi 10: "Ndifotokoza za tsiku limene ndinapeza kuti makatoni 12 olembedwa m'kaundula palibe pa shelefu, ndipo ndinapeza chifukwa chake tsikulo lisanathe." Ngakhale magetsi atazima pamenepa, woonera wamva kale vuto, kukula kwake, ndi kuti linathetsedwa ndi inu. Kenako pabwere chithunzi cha malo, masekondi 15 okha: "Ndinali wothandizira woyang'anira katundu. Tinkawerenga katundu yense kumapeto a mwezi uliwonse, ndipo ine ndi amene ndinkasainira chiwerengero cha gawo limenelo." Zina zonse zokhudza malowo zisiyeni, ngakhale zikuoneka zofunika kwa inu amene munalipo.

Pofika sekondi ya 25 kapena 30 mukhale mutalowa mu zochita zanu, ndipo apa ndi pamene muyenera kukhalitsa, masekondi 50 kapena kuposerapo pang'ono: "Choyamba ndinawerenganso ndekha, ndi kuyang'ana mashelefu oyandikana nawo poopa kuti mwina anaikidwa polakwika. Nditatsimikiza kuti kusiyanako n'koona, ndinauza woyang'anira wanga nthawi yomweyo, ndisanadziwe n'komwe chifukwa chake, popeza sindinafune kuti nkhani ya katundu wosowa igone kwa ine ndekha. Kenako ndinatenga mapepala onse olandirira katundu a mwezi umenewo n'kuwafananitsa ndi kaundula limodzi ndi limodzi. Ndinapeza kuti pepala limodzi linalowetsedwa kawiri: ine ndinalilowetsa tsiku limene katundu anafika, ndipo mnzanga analilowetsanso m'mawa mwake osadziwa kuti lalowa kale. Ndinakonza kaundula woyang'anira akuona, ndipo anasainira kusinthako." Taonani kuti pafupifupi chiganizo chilichonse chikunena chimene inuyo munachita, osati chimene "tinachita". Ambiri amaona ngati kulankhula choncho ndi kudzikweza, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake, koma woonera akufuna kulemba ntchito munthu mmodzi, ndipo mukamangonena kuti "tinachita" sangathe kudziwa gawo lanu, komanso palibe woti akufunseni kuti mulongosole. Taonaninso kuti mwatchula chifukwa cha chosankha chimodzi, chija chouza woyang'anira msanga. Chiganizo chimodzi chimenecho chimaonetsa kaganizidwe kanu kuposa kunena katatu kuti ndinu munthu wokhulupirika.

Masekondi 15 kapena 20 omaliza ndi a zotsatira: "Panalibe katundu amene anasowa. Ndinapempha kuti aliyense wolowetsa pepala m'kaundula azilembapo tsiku ndi kusainira pakona, ndipo kuyambira pamenepo vuto lolowetsa pepala kawiri silinabwererenso pa nthawi yonse imene ndinakhalako." Mukaphatikiza zigawo zinayizi mupeza masekondi 90 mpaka 100. Mukamaliza chiganizo chomalizacho tsitsani mawu monga munthu amene watsiriza, khalani chete sekondi imodzi mukuyang'anabe kamera, kenako dinani batani loimitsa. Musadzaze nthawi yotsalayo ndi kubwereza zimene mwanena kale, ndipo musamalize ndi mawu ozilala ngati akuti "ndiye eya, ndi choncho basi", chifukwa mawu omaliza ndi amene amatsala m'makutu mwa woonera pamene akulemba malikisi. Nkhani imene mudzagwiritse ntchito ikhale yanu yeniyeni, ndi manambala ake oona, popeza amene apambana gawo limeneli nthawi zambiri amakakumana ndi anthu pa intavyu yotsatira, kumene nkhani yomweyo ingafunsidwenso mozama.

Tsopano masekondi 30 oganiza aja. Kusowa chonena kumene mwatchula kumabwera chifukwa mukuyesa kupanga yankho m'masekondi amenewo, chinthu chimene n'chosatheka kwa wina aliyense. Nthawi imeneyo imakwana kusankha nkhani, osati kuipanga. Choncho musanatsegule linki ya intavyu mukhale ndi nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zokonzedwa kale monga taoneramu, iliyonse ndi dzina lake lalifupi la mawu awiri, monga "makatoni 12". Kuti mudziwe nkhani zoyenera, werengani chilengezo cha ntchitoyo, chifukwa mafunso nthawi zambiri amachokera pa maluso amene atchulidwamo. Pa ntchito yoyang'anira katundu ndingayembekezere nkhani ya cholakwika chimene munapeza, ya kusagwirizana ndi mnzanu, ya tsiku limene ntchito inachuluka kuposa nthawi, ya munthu wovuta amene munamuthandiza, ndi ya chinthu chimene munasintha kuti ntchito iziyenda bwino. Onjezeraninso mayankho awiri amene si nkhani, lonena za inu mwachidule ndi lonena chifukwa chimene mukufunira ntchitoyi. Nkhani imodzi ikhoza kuyankha mafunso angapo mukangosintha chiganizo choyamba: ya makatoni ija imayankha funso la cholakwika, la kukhulupirika, ngakhalenso la kusintha kagwiridwe ka ntchito. Chongofunika n'chakuti musaigwiritse ntchito kawiri pa intavyu imodzi.

Funso likaoneka, masekondi 10 oyamba liwerengeni kawiri ndipo muone ngati lili ndi zigawo ziwiri kapena zitatu. Anthu ambiri amataya malikisi pamenepa, poyankha gawo loyamba mokongola n'kuiwala kuti kumapeto kwa funso kunali mawu akuti "ndipo munaphunzirapo chiyani". Masekondi 10 otsatira sankhani nkhani, ndipo ikangobwera imodzi yoyenera igwireni yomweyo, osafunafuna ina yoposa. Masekondi otsalawo nenani chiganizo choyamba mumtima, pumani mpweya wautali, ndi kukweza maso. Pa mapulogalamu ambiri kujambula kumayamba kokha nthawi yoganiza ikatha, choncho sekondi yoyamba ya vidiyo isakupezeni mutawerama. Ngati funso ndi longoyerekeza, loti "mungatani zitachitika zakutizakuti", musasowe mtendere poona kuti mulibe nkhani yake. Nenani chinthu choyamba chimene mungachite ndi chifukwa chake, chachiwiri, chachitatu, ndipo ngati nthawi ilipo mangirirani ndi chiganizo chimodzi cha nthawi imene munakumanapo ndi zofanana nazo.

Mudzayesedwa kuti mulembe mayankho onse mawu ndi mawu n'kuwaika pambali pa sikirini. Ndikukuletsani ndi mtima wonse. Munthu amene akuwerenga amadziwika m'masekondi ochepa: maso ake amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja n'kubwerera, mawu ake amakhala a msinkhu umodzi, ndipo funso likasiyana pang'ono ndi limene anakonzekera amayankha funso lolakwika. Kuloweza pamtima kuli ndi vuto lakenso, chifukwa liwu limodzi likaiwalika chingwe chonse chimaduka. Lowezani ziganizo ziwiri zokha pa nkhani iliyonse, choyamba ndi chomaliza, ndipo zapakati zibwere m'mawu a tsikulo. Kapepala kakang'ono kokhala ndi mayina a nkhani zanu, komatidwa pafupi ndi kamera, n'kokwanira, bola malangizo a intavyuyo asakhale oletsa zolemba, ndipo malangizowo muwawerenge onse musanayambe.

Masiku asanu amene mwapatsidwa ndi okwanira. Tsiku loyamba sankhani nkhani ndi kuzidula. Masiku awiri otsatira yesererani m'njira yofanana ndi intavyu yeniyeniyo: lembani mafunso khumi pa timapepala, tipindeni, tolani kamodzi, dzipatseni masekondi 30 pa wotchi, kenako jambulani mphindi 2 osaimitsa ngakhale mutalakwitsa. Kusaimitsako ndiye phata la kuyeserera, chifukwa luso limene mukufuna si lolankhula mosapunthwa ayi, koma lodzuka mukapunthwa, ndipo njira yake ndi kukhala chete pang'ono n'kuyambanso chiganizocho popanda kupepesa. Poonera zimene mwajambula musatanganidwe ndi maonekedwe a nkhope yanu, popeza palibe amene amakondwa kudziona pa vidiyo. Yang'anani nambala imodzi: ndi pa sekondi iti pamene mwayamba kunena zimene inuyo munachita? Ngati papita masekondi 40 musanafikepo, dulani chiyambi. Ngati mwamaliza zonse pasanathe mphindi imodzi, zochita zanu mwazinena mothamanga kwambiri, ndipo malo owonjezera ndi pamenepo, osati pa chiyambi. Kenako oneraninso vidiyo imodzi mutatseka mawu, kuti muone ngati maso anu akuyang'ana kamera kapena akungoyang'ana chithunzi chanu pa sikirini. Intavyu yeniyeniyo muichite tsiku lachinayi, kuti ngati china chavuta mukhale ndi tsiku lolembera olemba ntchitowo, ndipo onetsetsani ola limene linki idzatsekedwe, makamaka ngati bungwelo lili m'dziko limene nthawi yake ndi yosiyana ndi yanu.

Za kubwereza yankho musazitenge ngati zotsimikizika. Mapulogalamu monga HireVue, Spark Hire ndi VidCruiter amalola wolemba ntchito aliyense kusankha yekha nthawi yoganiza, nthawi yoyankha ndi kuchuluka kwa mwayi wobwereza, ndipo ena sapereka mwayi n'umodzi womwe. Konzekani ngati kuti mwayiwo palibe. Ukakhalapo, dziwani kuti pa mapulogalamu ena vidiyo yatsopano imalowa m'malo mwa yakale, ndiye simungabwerere ku yoyamba ija mukaona kuti inali yabwino. Ine ndingabwereze pa zifukwa zitatu zokha: ngati nthawi yandidula ndisanafike pa zotsatira, ngati ndazindikira kuti ndayankha funso lina, kapena ngati phokoso lalikulu laphimba mawu anga. Kupunthwa pa liwu limodzi si chifukwa chokwanira, ndipo ndaona kuti kujambula kwachitatu nthawi zambiri kumatuluka kozizira kuposa koyamba, munthu atatopa ndi mawu ake omwe.

Pa zipangizo ndidutsapo mwachangu, chifukwa zofunika ndi zochepa. Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi: vidiyo yamdima pang'ono woonera amaipirira, koma mawu osamveka sangawapatse malikisi, choncho sankhani chipinda chabata, ndipo ngati muli ndi timahedifoni tokhala ndi maikolofoni tiyeseni. Kuwala kuchokere kutsogolo kwanu. Windo likakhala kumbuyo nkhope imada. Kamera ikhale pa msinkhu wa maso, laputopu mutaikweza pa mabuku kapena foni mutaitsamiritsa pa chinthu cholimba, osaigwira m'manja. Poyankha yang'anani diso la kamera lenilenilo, ndipo wotchi muziiyang'ana kawiri kokha, pakati pa yankho ndi pamene mukulowa mu zotsatira. Zimathandiza kuganizira munthu mmodzi amene mumamulemekeza atakhala kuseri kwa diso limenelo, kuti mawu anu akhale ofunda ngati a munthu amene akulankhula ndi mnzake. Pulogalamu ikapempha chilolezo chogwiritsa ntchito kamera ndi maikolofoni dinani Allow, ndipo tsekani mapulogalamu ena amene amagwiritsa ntchito kamera, monga Zoom, chifukwa akhoza kuitsekereza. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, letsani mafoni olowa ndi mauthenga, popeza munthu akakuimbirani kujambula kukhoza kusokonekera, ndipo batire likhale lodzadza kapena chaja ikhale polumikiza. Mapulogalamu ambiri amapereka funso loyeserera lomwe silipita kwa olemba ntchito. Musalidumphe, chifukwa ndi pamenepo pamene mumaonera kumene wotchi ili, kumene batani loimitsa lili, ndi mmene mawu anu akumvekera.

Ngati muli ndi chibwibwi, vuto la kumva, vuto la maso, kapena vuto lililonse limene limachititsa kuti kuwerenga funso m'masekondi 30 kukhale kovuta, lemberani olemba ntchitowo musanatsegule intavyu n'kupempha nthawi yowonjezera kapena njira ina. Nthawiyo imasinthidwa mosavuta intavyu isanayambe, pamene kupempha mutajambula kale kumavuta kwambiri.

Mukamaliza funso lachisanu musafulumire kutseka tsambalo. Vidiyo iliyonse imafunika kutumizidwa, ndipo intaneti ikakhala yochedwa zimenezi zingatenge mphindi zingapo, choncho dikirani mpaka uthenga wotsimikiza kuti zonse zalandiridwa uoneke. Ngati kujambula kwaduka pakati kapena kutumiza kwaima, jambulani chithunzi cha sikiriniyo, lembani nambala ya funso ndi nthawi imene zachitikira, kenako tsegulaninso linki yomwe ija, chifukwa mapulogalamu ambiri amasunga mayankho amene anatumizidwa kale n'kukubwezerani pa funso limene munalekezera. Zikakanika, lembani imelo tsiku lomwelo kwa amene anakutumizirani linkiyo komanso kwa othandiza a pulogalamuyo, muikemo chithunzi chija, ndipo mupemphe kuti akutsegulireninso funso limene linasokonekeralo.